Magazi m'chimbudzi kwa miyezi iwiri, akuti ndi mudzi: tikhulupirire?

Mlongo_Wake
Moni nonse pa gulu. Ndikufunsira achimwene anga a zaka 52. Kwa miyezi iwiri tsopano akumaona magazi akapita kuchimbudzi, osati tsiku lililonse, koma sabata siyitha osawaona. Kuchipatala anawauza kuti ndi mudzi, nawapatsa mankhwala olowetsa kumunsi ndi ena ofewetsa chimbudzi. Kumunsiko sanawapime, anangowafunsa mafunso. Mankhwala atha koma magazi sanasiye. Akutinso nthawi zina amamva ngati chimbudzi chatsalira, akabwerera kumangotuluka zoterera ngati mamina. Papepala la magazi palembedwa Hb 10.8 ndi MCV 72. Kodi mudzi umachita chonchi? Eni ake akuti tisavutike, koma ine mtima sukukhala m'malo.

Kadziwotche
Magaziwo ndi ofiira kapena akuda? Ngati ali ofiira psuu ndi mudzi basi. Khansa imatulutsa magazi akuda.

Mlongo_Wake
Akuti ofiira, koma nthawi zina oderako, ndipo amakhala osakanikirana ndi chimbudzicho.

Namwino_Wakale
A Kadziwotche, pamenepo ndi pomwe anthu ambiri amatayira nthawi. Mtundu wa magazi sutiuza chomwe chikuwatulutsa. Umangotiuza kutalika kwa ulendo umene magaziwo ayenda asanatuluke. Magazi ochokera m'chifu kapena kumayambiriro kwa matumbo aang'ono amagayidwa m'njira, ndiye amatuluka akuda bii ngati phula, onanda, onunkha moipa kwambiri. Ochokera kumayambiriro kwa thumbo lalikulu, cha kumanja kwa mimba, amatuluka oderako kapena saoneka n'komwe. Ochokera kumapeto, m'masentimita 15 omaliza, amatuluka ofiira chifukwa sanachedwe m'njira. Tsono kumapeto komweko ndi kumene kumakhala mudzi, ndipo khansa ya thumbo lomaliza imameranso komweko. Zonse ziwiri zimatulutsa magazi ofiira.

Chomwe chimathandizako ndi katulukidwe kake. Mudzi nthawi zambiri umadontha munthu akamaliza, magazi amakhala papepala kapena pamwamba pa chimbudzi, osalowa mkati mwake. Kachilonda ka pakhomo, kong'ambika chifukwa cha chimbudzi cholimba, kamapweteka mocheka pochita chimbudzi ndipo ululu umapitirira kwa kanthawi munthu atamaliza. Koma magazi osakanikirana ndi chimbudzi amasonyeza kuti akumana nacho chisanafike pakhomo, ndiye kuti akuchokera mkatikati kuposa pamene pamakhala mudzi. Mayi Mlongo_Wake, achimwene anu ayenera kubwerera sabata ino, ndipo asachoke osapimidwa.

Kadziwotche
Komabe anthu ambiri otuluka magazi ofiira amapezeka ndi mudzi. Tisamaopseze anthu.

Tsinde_Lamoyo
Zoona, ambiri ndi mudzi, ndipo n'kutheka ndithu kuti bambowa mudzi ali nawo. Vuto n'loti mudzi ndi wofala kwambiri moti munthu wa zaka 52 atha kukhala nawo, n'kukhalanso ndi chotupa masentimita 10 pamwamba pake. Kupezeka kwa mudzi sikutseka nkhani. Komanso chotupa chimene chikupangitsa munthu kudzikakamiza pafupipafupi chimatha kutupitsa mudziwo.

Pa nkhaniyi pali zinthu zitatu zomwe mudzi sufotokoza bwino. Choyamba anena kale a Namwino, magazi osakanikirana. Chachiwiri ndi kumva ngati chimbudzi chatsalira. Thumbo lomaliza ntchito yake ndi kumva kuti mwafika kanthu, n'kutumiza uthenga woti munthu apite kuchimbudzi. Mukamera chotupa, thumbo limachimva ngati chimbudzi, ndiye munthu amabwererabwerera koma palibe chotuluka kupatula zoterera ndi timagazi. Kutupa kwa thumbo chifukwa cha matenda ena kumachitanso chimodzimodzi, choncho chizindikirochi si umboni wa khansa, koma ndi umboni woti mkatimo muli chofunika kuchiona.

Chachitatu ndi pepala la magazi, ndipo ndi chimene chandikhudza kwambiri. Hb ndi hemogulobini, imene imasonyeza kuchuluka kwa magazi, ndipo ya mwamuna wamkulu siyenera kutsika pansi pa 13. MCV ndi kukula kwa maselo ofiira, ndipo ikatsika pansi pa 80 ndiye kuti maselowo ndi aang'ono, zomwe kawirikawiri zimabwera thupi likasowa ayironi. Mwamuna sasamba, ndiye ayironi akamutha funso loyamba ndi lakuti magazi akutayikira kuti. Mudzi umatha kuchepetsa magazi, koma umakhala wa mtundu wotulutsa magazi ambiri kwa nthawi yaitali, osati timagazi ta apo ndi apo. Ndipo kuti MCV ifike pa 72 pamatenga miyezi yambiri, popeza selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndiye maselo akale amayamba atha kuti aang'onowo achuluke. Izi zikutanthauza kuti kutaya magaziku mwina kunayamba kale, asanayambe kuwaona ndi maso.

Mai_Awiri
Ine chimbudzi changa chada bii chiyambireni mapiritsi owonjezera magazi. Ndiye mukuti ndikutuluka magazi m'chifu?

Namwino_Wakale
Ayi mayi, mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi pawokha. Chimakhala chakuda kapena chobiriwirako, koma chouma bwinobwino kapenanso cholimba. Cha magazi chimakhala chonanda, chonyezimira, ndipo fungo lake simungalisokoneze ndi china. Mukaona choncho, kapena mukayamba chizungulire ndi mtima kuthamanga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Koma onetsetsaninso kuti amene anakupatsani mapiritsiwo anafufuza chimene chinachepetsa magazi anu.

Chiphadzuwa_88
Bwanji simukutchula kamwazi ndi likodzo la m'matumbo? Nazonso zimatulutsa magazi ndi zoterera. Apimitse chimbudzi kaye asanathamangire za khansa.

WaLabu
Kupima chimbudzi pa makina oonera tizilombo n'kwabwino ndipo sikuchedwa, achite. Kamwazi wa mabakiteriya amabwera mwadzidzidzi, ndi kutsekula m'mimba kangapo patsiku, kupotokola ndi kutentha thupi, ndipo amatha m'masiku ochepa kapena sabata imodzi. Wa amiba amatha kukhalitsa, kumaleka n'kuyambiranso. Likodzo la m'matumbo limatulutsa magazi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo njoka zina za m'mimba zimayamwa magazi mpaka ayironi kutha. Zonsezi n'zotheka malinga ndi kumene munthu wakhala.

Koma msampha wake ndi womwe uja wa mudzi. Kupeza mazira a likodzo kapena tizilombo ta amiba m'chimbudzi sikutanthauza kuti ndi zokhazo zili m'thumbomo. Munthu wa zaka 52 amwe mankhwala ake, inde, koma kolonosikopi, kuja kounika m'thumbo lalikulu ndi kamera yolowetsa kumunsi, isalephereke. Pali anthu amene amamwa mankhwala a kamwazi katatu kanayi motsatizana, miyezi ikupita, chifukwa ulendo uliwonse akukumana ndi wachipatala wina amene akuyambira pachiyambi. Magazi akabwerera mutamaliza mankhwala bwinobwino, musalandirenso omwewo popanda kuunikidwa.

Mlongo_Wake
Ndiye akapita akapemphe chiyani kwenikweni? Chifukwa akangonena za magazi adzawapatsanso mankhwala omwe aja. Komanso iwo akuchita manyazi ndi zopimidwa kumunsizo.

Namwino_Wakale
Akanene zinthu mwandondomeko: miyezi iwiri, magazi osakanikirana, kumva kutsalira, zoterera, mankhwala a mudzi sanathandize, ndipo akaonetse pepala la Hb. Akanenenso ngati kachitidwe ka chimbudzi kasintha, ngati awonda osafuna, ngati akumwa asipirini, ibupurofeni kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndiponso ngati kholo kapena m'bale wawo wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo.

Za manyazi, auzeni momwe zimachitikira, mantha amachepa munthu akadziwa. Amagona chammbali cha kumanzere, mawondo atawapinda cha pamimba, atafunditsidwa nsalu. Wachipatala amavala magolovesi, amayamba wayang'ana kunja, kenako amapaka mafuta oterera n'kulowetsa chala chimodzi. Sizikwana mphindi imodzi. Chala chimafika masentimita 7 kapena 8, ndipo zotupa zambiri za kumunsi kwa thumbo lomaliza zimamveka pamenepo, zolimba, za m'mbali mokakala. Mudzi wamkati sumveka bwino ndi chala chifukwa ndi wofewa, umaonekera pa kachipangizo kafupi kounikira pakhomo. Ndiye ngati sanapimidwe ndi chala kapena kachipangizoko, mudziwo palibe anauona, anangouganizira. Ali ndi ufulu wopempha kuti awapime mwamuna mnzawo ngati alipo, kapena kuti m'chipindamo mukhale munthu wina.

Bambo_Fiti
Njira yachidule ndi FIT. Amangotenga kachimbudzi pang'ono, ikatuluka yabwino nkhani yatha, palibe zolowetsedwa mapaipi.

Tsinde_Lamoyo
Bambo, pano tikusakaniza zinthu ziwiri. Pali kuyezetsa kwa munthu amene akumva bwino, alibe chizindikiro chilichonse, akungoyezetsa chifukwa zaka zakwana. Palinso kufufuza munthu amene thupi lake layamba kale kulankhula. FIT imafunafuna magazi obisika. Bambowa magazi akuwaona ndi maso, ayironi akuoneka kuti watha, ndipo akumva kutsalira. FIT ikatuluka yabwino ine sindingawasiye, chifukwa chotupa sichitulutsa magazi tsiku lililonse. Pa anthu opanda zizindikiro, FIT imodzi imagwira pafupifupi khansa zitatu mwa zinayi, ina ija imadutsa. Mphamvu yake ili pa kubwereza chaka ndi chaka.

WaLabu
Apa ndisiyana nanu pang'ono, a Tsinde. FIT imagwiritsidwanso ntchito pa anthu a zizindikiro, ngakhale amene akuona magazi. Ku Britain madokotala amaigwiritsa posankha woyamba kuunikidwa, ndipo mulingo wake ndi mamayikirogalamu 10 a hemogulobini pa galamu imodzi ya chimbudzi. Mulingowu ndi wotsika dala kuti odwala ochepa kwambiri adutse osagwidwa. Kwa anthu opanda zizindikiro mulingo amaukweza, ku Amerika nthawi zambiri ndi 20, ku Sikotilandi ndi 80. Ndiye mawu oti yatuluka yabwino tanthauzo lake limadalira mulingo umene labuyo ikugwiritsa ntchito. Munthu amene FIT yake yatuluka 60 atha kuuzidwa kuti zili bwino kwina, kwina n'kutumizidwa kukaunikidwa mwachangu. Funsani nambala yeniyeniyo ngati makina awo amapereka nambala. Timapepala tina timangoonetsa mizere, osapereka nambala.

Kumene mzere wa kolonosikopi ndi wautali, FIT yokwera imathandiza munthu kupita patsogolo. Ubwino wake ndi umenewo.

Tsinde_Lamoyo
Kumupititsa patsogolo ndavomera. Kumuchotsa pamzere ndiye ayi, osati mwamuna wa Hb 10.8 ndi maselo aang'ono. Ameneyu feritini, muyeso wa ayironi wosungidwa m'thupi, ikatsimikiza kuti ayironi watha, amafunika kuunikidwa mbali zonse ziwiri, m'chifu kudzera kukamwa ndi m'thumbo kudzera kumunsi, FIT inene zomwe inganene. Pajatu FIT siona bwino magazi a m'chifu, chifukwa mbali ya hemogulobini imene imafunafuna imakhala itagayika isanafike kumunsi.

WaLabu
Pa bambowa tagwirizana. Pa munthu wa zaka 30 wongoona timagazi papepala, magazi ake ali bwino, FIT ili pansi pa 10, ndikanati achiritsidwe mudziwo kaye, abwerenso ngati sizikusiya. Si aliyense angalowe m'chipinda cha kolonosikopi.

Kwa amene akufuna kuchita FIT, zolakwika zambiri zimachitika potenga. Chimbudzi chisagwere m'madzi kapena kusakanikirana ndi mkodzo, chigwere papepala loyera kapena m'kachidebe kouma. Kamtengo ka m'kabotolo mukapalitse pamwamba pa chimbudzi malo angapo mpaka timizere ta kunsonga kwake tidzaze, basi. Osadzaza botolo, chochuluka chimalepheretsa kuyeza. Tsekani, lembani tsiku, bwezani msanga, ndipo musakasiye padzuwa kapena m'galimoto yotentha, chifukwa kutentha kumaphwanya hemogulobini, zotsatira n'kutuluka zabwino mwabodza. Amayi asatenge ali kumwezi. Palibe chifukwa chosala zakudya, zosalazo zinali za njira yakale ija yopaka pa kakhadi. Ndipo ikatuluka yokwera, chotsatira ndi kolonosikopi. Kubwereza FIT kuti mwina yachiwiri ituluka yabwino ndi kudzinamiza, chifukwa yachiwiriyo siifafaniza yoyamba.

Chiphadzuwa_88
Nanga kuyeza magazi kuja amati CEA? Ndinamva kuti kumaonetsa khansa ya m'matumbo osavutika ndi chimbudzi.

WaLabu
Sikuthandiza pofufuza. Anthu ambiri a khansa yoyamba kumene CEA yawo imakhala bwinobwino, pomwe osuta fodya ndi odwala chiwindi imatha kukwera popanda khansa. Ntchito yake ndi kutsata munthu amene khansa inapezeka kale, asanachitidwe opaleshoni ndi pambuyo pake.

Mzukulu_Wa_Gogo
Ine ndili ndi zaka 29, izi ndi za akuluakulu eti? Ndikufunsa chifukwa aliyense akungonena za zaka 50.

Namwino_Wakale
Yochuluka ili mwa a zaka zopitirira 50, koma m'maiko ambiri ikukwera mwa ocheperapo, ndipo n'chifukwa chake mu 2021 ku Amerika anatsitsa zaka zoyambira kuyezetsa kuchoka pa 50 kufika pa 45. Achinyamata vuto lawo ndi kuchedwa kupezeka, popeza aliyense, iwo eni ndi achipatala omwe, amathamangira kunena kuti ndi mudzi. Ngati mulibe chizindikiro ndipo kubanja kwanu kulibe mbiri ya matendawa, pa zaka 29 palibe choyezetsa. Koma magazi obwerezabwereza, chimbudzi chosintha kachitidwe kwa masabata angapo, kuwonda, kupweteka m'mimba kosatha kapena kuchepa magazi kosadziwika chifukwa chake, zimenezi sizifunsa zaka. Kwa a msinkhu wanu palinso matenda otupitsa thumbo ndi kulichititsa zilonda, amene si khansa koma amafuna chithandizo chawochawo, ndipo nawonso amapezeka pounika.

Kadziwotche
Chomwe sindimvetsa n'chakuti mukuti wina atha kukhala ndi khansa ya m'thumbo osaona magazi, osadzimbidwa, osamva kanthu. Zingatheke bwanji chotupa chili m'njira?

Tsinde_Lamoyo
Zimadalira pamene chamera. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira kumanja m'munsi mwa mimba, limakwera, limadutsa chopingasa, n'kutsikira kumanzere. Kumanja ndi lotakata ndipo zodutsamo zimakhala zikadali zamadzimadzi, ndiye chotupa chimatha kukula ndithu osatseka kanthu. Chimangotaya timagazi tosaoneka tsiku ndi tsiku. Munthu amabwera akudandaula kutopa, befu pokwera chitunda, m'maso ndi m'manja mwayera. Akangopatsidwa ayironi osafufuzidwa, Hb imakwerako, aliyense n'kukhutira, chotupa chikukulabe.

Kumanzere thumbo ndi lopapatiza ndipo chimbudzi chimakhala chitauma. Chotupa cha kumeneko chimakonda kumera mozungulira n'kumachepetsa njira, choncho munthu amaona kusintha: kudzimbidwa kosinthana ndi kutsekula, kupotokola, mimba kufufuma, nthawi zina chimbudzi chowonda. Chimbudzi chowonda pachokha, cha tsiku limodzi kapena awiri, sichinena zambiri. Njira ikatsekekeratu, mimba imatupa, munthu amasanza, mpweya ndi chimbudzi osatuluka. Imeneyo ndi ngozi ya usiku womwewo, monganso magazi otuluka ambiri okhala ndi zibuma, kapena kukomoka.

Mlongo_Wake
Zikomo nonse. Anapita dzulo, ndinawaperekeza. Dokotala wina anawapima ndi chala, akuti sanamve chotupa, koma mudzi waung'ono ulipodi. Feritini yatuluka 9. Awalembera kolonosikopi pamodzi ndi kuunika m'chifu. Popeza chala sichinapeze kanthu, ndiye kuti nkhawa yachepa? Komanso atipatsa mapaketi a mankhwala otsuka m'mimba, malangizo ake ndi achidule kwambiri.

Tsinde_Lamoyo
Yachepa pa masentimita 7 kapena 8 omaliza okha, kwatsala mita ndi theka. Feritini ya 9 yatsimikiza kuti ayironi watheratu, pansi pa 30 timati wachepa kale. Dokotalayo wachita zoyenera. Zotsatira zitha kukhala polipu wamkulu, kutanthauza kanyama komera pakhoma la thumbo, kutupa kwa thumbo, chilonda cha m'chifu pamodzi ndi mudzi, kapena khansa. Pakadali pano palibe angakuuzeni kuti ndi chiti.

Namwino_Wakale
Pa kutsuka m'mimba mvetserani bwino, mayi, chifukwa kolonosikopi imapambana kapena kulephera kunyumba, dokotala asanagwire chipangizo. Kamera siiona kuseri kwa chimbudzi. Thumbo likapanda kuyera, tinyama tating'ono ndi zotupa zafulati zimabisika, makamaka kumanja, ndipo munthu amauzidwa kuti abwerenso.

Ngati awapatsa mapiritsi a ayironi, awasiye masiku 7 tsikulo lisanafike, popeza amadetsa ndi kunanditsa zotsalira m'thumbo. Kwa masiku awiri kapena atatu apewe zakudya za njere, makoko ndi ulusi wambiri. Tsiku loti mawa akaunikidwa, atsate pepala lawo pa nthawi yosiyira zolimba, kenako zamadzi zoyera zokhazokha, zopanda mtundu wofiira. Mankhwala otsukawo alipo osungunula m'malita 4, alipo a malita 2 amene amafuna kumwera madzi ena pambali, ndiye werengani paketi, musachepetse madzi. Njira imene imayeretsa bwino ndi yogawa pawiri: theka madzulo, theka lina m'mawa wa tsikulo, kuyamba maola 4 mpaka 6 nthawi isanakwane ndi kumaliza kutatsala maola osachepera awiri. Chifukwa chake n'chakuti usiku matumbo aang'ono amapitiriza kutsanulira ndulu ndi zoterera m'thumbo, ndiye amene wamwa zonse madzulo amafika mbali ya kumanja itadanso. Amwe kapu imodzi mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Akachita nseru apume theka la ola n'kupitiriza, ndipo oziziritsa amamweka bwino. Chizindikiro choti zatheka ndi chakuti zotuluka zikhale madzi achikasu oonekera, opanda zidutswa. Ngati zikutulukabe zabulauni m'mawa, auzeni anamwino musanalowe.

Ngati ali ndi shuga, matenda a impso kapena a mtima, kapena amamwa wafarini ndi ena ochepetsa kuundana kwa magazi, imbani kuchipatalako lero kuti akuuzeni chochita ndi mankhwalawo. Asasiye okha. Akalandira jakisoni wogonetsa, asayendetse galimoto tsikulo, pakhale wowatenga.

Bambo_Fiti
Koma paipi imeneyi imaboola matumbo. Bwanji osangojambula pa sikani?

Tsinde_Lamoyo
Kuboola kumachitika, koma mwa anthu 1,000 ounikidwa sikufika ngakhale mmodzi, ndipo ngozi imakwererako pochotsa polipu wamkulu. Kutuluka magazi pamalo pochotsedwa polipu kumatha kubwera mpaka masabata awiri pambuyo pake. Kupweteka m'mimba kokulirakulira, kutentha thupi kapena magazi ambiri mutaunikidwa, bwererani msanga.

Sikani wamba wa pamimba, uja wopaka mafuta, saona mkati mwa thumbo chifukwa cha mpweya, ndipo anthu ambiri amatonthozedwa naye molakwika. Ilipo sikani yapadera ya CT imene amapopera mpweya m'thumbo, imaona bwino zotupa ndi mapolipu aakulu. Koma kutsuka m'mimba kumafunikabe, ndipo ikapeza kanthu mubwereranso ku kolonosikopi, popeza sikani singadule polipu kapena kutapa kanyama kokapima. Khansa imatsimikizika ndi kanyamako basi. Palinso chounikira chachifupi cha masentimita 60 chimene chimaona kumanzere kokha. Kwa munthu wa feritini 9 n'chosakwanira, chifukwa kumanja kuja ndi kumene kumabisala zotupa zochepetsa magazi.

Mukalandira lipoti, mayi, onani zinthu zitatu: ngati anafika kumayambiriro kwa thumbo, pamene amalemba caecum kapena cecum, ngati thumbo linali loyera mokwanira, ndi ngati anatenga tinyama tokapima. Lipoti lonena kuti sanapeze kanthu pomwe sanafike kumapeto, kapena thumbo linali lakuda, silinayankhe funso.

Mai_Awiri
Nanga ife opanda vuto la m'matumbo tiyambe liti, ndipo njira yabwino ndi iti? Ndili ndi zaka 47.

Namwino_Wakale
Mayi, inu munanena kuti mukumwa ayironi, ndiye yambani mwadziwa chifukwa chake. Ngati ndi msambo wochuluka, chabwino, komabe auzeni adokotala zaka zanu kuti aone ngati m'matumbo mukufunikanso kufufuza. Kwa wopanda chizindikiro chilichonse, malangizo a ku Amerika ndi kuyamba pa 45 mpaka 75, maiko ambiri a ku Ulaya amayamba pa 50 kapena kupitirirapo. Njira zazikulu ndi ziwiri: FIT chaka chilichonse, kwina zaka ziwiri zilizonse, kapena kolonosikopi zaka 10 zilizonse ngati yoyamba inali yoyera. Zaka 10 zimachokera pa kakulidwe ka matendawa. Khansa zambiri za m'thumbo zimayamba ngati polipu, kanyama komera pakhoma la thumbo, ndipo kuti kasanduke khansa pamatenga zaka pafupifupi 10. Mapolipu ambiri sasanduka n'komwe, koma popeza sitidziwa kuti ndi ati, amachotsedwa onse pomwepo pounika.

WaLabu
Ndipo apa ndi pamene FIT imafooka. Khansa imaigwira bwino, koma mapolipu aakulu oopsa imagwira pafupifupi mmodzi mwa anayi, chifukwa ambiri satulutsa magazi. Komabe ine ndimati munthu wochita FIT mokhulupirika chaka ndi chaka ali pabwino kuposa wolonjeza kolonosikopi imene sadzapitako.

Tsinde_Lamoyo
Bola akhale wokonzeka kuunikidwa ikatuluka yokwera. Kuyeza FIT kumene kulibe njira yopezera kolonosikopi kumangosiya munthu ndi nkhawa. Funso limeneli lifunsidwe asanatenge kabotolo.

Mlongo_Wake
Funso lomaliza. Ine ndili ndi zaka 44, ndipo achimwenewa ali ndi ana, wamkulu ali ndi zaka 26. Ifenso tikayezetse pano?

Tsinde_Lamoyo
Ngati mulibe zizindikiro, dikirani zotsatira zawo, chifukwa ndi zimene zidzanene njira yanu. Akapezeka ndi mudzi ndi chilonda cha m'chifu basi, inu muli ngati wina aliyense, mudzayamba pa 45 kapena 50. Akapezeka ndi khansa kapena polipu wa mtundu woopsa, pa zaka 52 ndiye kuti ndi pansi pa 60, ndipo malangizo a ku Amerika amati abale a bere limodzi ndi ana ayambe kolonosikopi pa zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene m'bale wawo anapezekera, kutengera chimene chayamba kufika, n'kumabwereza zaka 5 zilizonse. Kwa inu ndiye kuti nthawi yakwana kale, kwa anawo ndi pa 40. Maiko ena amayamba mochedwerapo, ndiye adokotala anu atha kunena zosiyanako.

Pakadali pano funsani akuluakulu a kubanja, mbali ya bambo ndi ya mayi, za amene anadwala khansa ya m'matumbo, ya chiberekero chenichenicho osati ya khomo lake, kapena ya mazira, ndi zaka zimene anadwalira. Zikapezeka mwa anthu angapo m'mibadwo yotsatizana, wina asanafike 50, madokotala amaganizira matenda otengera kumtundu otchedwa Lynch. Pamenepo polipu amasanduka khansa mofulumira, ndipo kuunika kumayamba pa zaka 20 mpaka 25, chaka chilichonse kapena ziwiri, ndiye mwana wa zaka 26 uja sangadikire 40. Ngati padzakhale kanyama kopimidwa, pemphani pepala la zotsatira zake musunge, ndipo ikakhala khansa funsani ngati labuyo ingayezenso kanyamako za Lynch.